Petulo ndi dizilo wa m'zigubu: amakhala nthawi yaitali bwanji, nanga woonongeka mungamuzindikire bwanji?

Kodi mafuta a galimoto amaonongekadi akakhalitsa? Si amachokera pansi pa nthaka kumene akhala zaka zambirimbiri?

Amene akhala zaka zambirimbiri pansi pa nthaka ndi mafuta osayenga, ndipo kumeneko sakumana ndi mpweya. Petulo ndi dizilo amene timagula ndi oyengedwa kale, osakanizidwa mwa muyeso kuti aziyaka bwino mu injini, ndipo muyesowo umayamba kusokonekera akangotuluka pa pampu. Zimene zimawaononga ndi zitatu: mpweya, madzi ndi kutentha. Mpweya wa okosijeni umasintha mbali ina ya mafuta kukhala utomoni womata. Madzi amadzetsa dzimbiri, ndipo mu dizilo amaweta tizilombo. Kutentha nako kumafulumizitsa zonsezi. N'chifukwa chake zigubu ziwiri zothiridwa tsiku limodzi zingathe kusiyana kwambiri pakapita miyezi inayi, china chili bwinobwino, china chosayeneranso kuthira mu injini.

Ndiye petulo amakhala nthawi yaitali bwanji?

Mu chigubu chopangidwira mafuta, chodzaza, chotsekedwa bwino ndi chosungidwa pamthunzi, werengerani miyezi 3 mpaka 6. Malo akakhala ozizirirapo, cha m'ma madigiri 20, mungayembekezere miyezi 6. Akakhala otentha, cha m'ma madigiri 30, dulani pakati, ikhale miyezi 3. Chigubu chachitsulo chosatsegulidwapo chiyikireni chingathe kusunga petulo mpaka chaka, koma ndi anthu ochepa amene amasunga chigubu chaka chathunthu osachitsegula.

Petulo wosakaniza ndi etanolo, monga amene amalembedwa E10 pa pampu, sachedwa kuonongeka. Ameneyu ndi bwino kumutha m'miyezi 2 kapena 3. Petulo amene ali kale m'thanki ya jenereta, ya njinga yamoto kapena ya makina odulira udzu ndiye amafulumira kuposa onse, chifukwa thanki yotere ili ndi kabowo kopumira. Pakangotha mwezi amakhala atayamba kusintha. Chimodzimodzinso petulo amene mwasakaniza kale ndi oyilo wa makina ochekera mitengo: sakanizani wokwanira mwezi umodzi basi.

N'chifukwa chiyani injini imavuta kulira ndi petulo wokhalitsa, pamene akuoneka woyera bwinobwino?

Petulo ndi msakanizo wa mafuta ambiri, ena opepuka kwambiri, ena olemererapo. Opepukawo, monga bwuteni amene amasanduka nthunzi ngakhale kuzizire mpaka pamene madzi amaundana, ndi amene amayatsa injini yozizira m'mawa. Chimene pulagi imayatsa ndi nthunzi ya petulo, osati madontho ake. Chigubu chikakhala chosatsekeka bwino, opepukawo ndi amene amayamba kuthawa. Otsalawo amayaka ndithu injini ikatentha, koma poyambira amavuta. Mumakoka chingwe cha jenereta mpaka phewa kuwawa, iyo n'kungotsokomola kamodzi n'kukhala chete.

Kuthawa kumeneku kumachitika kwambiri mu chigubu chatheka. Taganizirani chigubu cha malita 20 chimene muli malita 10 okha. Malo otsalawo amadzaza nthunzi. Masana kukatentha nthunziyo imakankha chotsekera n'kutuluka, usiku kukazizira chigubu chimakoka mpweya wina kuchokera kunja. Kutentha kukamasiyana ndi madigiri 15 pakati pa usana ndi usiku, chigubucho chimapuma theka la lita kapena kuposa tsiku lililonse. Chikamatulutsa chimataya mafuta opepuka, chikamakoka chimalowetsa okosijeni watsopano. Chigubu chodzaza chili ndi malo ochepa opumira, choncho chimasunga bwino. Ngati mwatsala ndi malita 5, ndi bwino kuwatsanulira mu kachigubu ka malita 5 kusiyana ndi kuwasiya akukhutchumuka pansi pa chachikulu.

Nanga dizilo?

Dizilo amapirira kuposa petulo chifukwa alibe mafuta opepuka othawa msanga. Akakhala woyera, wopanda madzi, amakhala miyezi 6 mpaka 12. Pamalo pozizirirapo amakwanitsa chaka, pamalo potentha kuposa madigiri 30 musamuwerengere chaka chathunthu. Dizilo wosakaniza ndi mafuta ochokera ku mbewu, amene amalembedwa B7, B10 kapena B20, amakoka chinyezi ndi kuwawasa msanga, ndipo asapitirire miyezi 6.

Mdani wamkulu wa dizilo ndi madzi. Madzi ndi olemera kuposa dizilo, lita ya madzi imalemera kilogalamu imodzi pamene ya dizilo ndi cha m'ma magalamu 840, choncho amakakhala pansi. Pamene madzi akumana ndi dizilo m'pamene mabakiteriya ndi nkhungu zimamanga mudzi: zimakhala m'madzimo, n'kumadya dizilo wa pamwamba pake. Zikachulukana zimasiya matope akuda, oterera ngati mamina, ndiponso asidi amene amadya chitsulo. Ena amati ndi ndere, koma ndere zimafuna kuwala, ndipo mu diramu lotseka mulibe kuwala. Diramu lopanda dontho la madzi pansi silikhala ndi vuto limeneli ngakhale pang'ono.

Madziwo amalowa bwanji mu chinthu chotseka?

Anthu ambiri amaloza chala chinyezi cha mumpweya, ndipo m'thanki yaikulu yokhala ndi paipi yopumira n'zoona, chifukwa makoma ake amachita thukuta usiku. Koma mu chigubu cha malita 20 mpweya umene umalowa umanyamula madzi ochepetsetsa, mwina supuni yaing'ono yosadzaza pa miyezi itatu. Madzi ambiri a m'zigubu amalowa ndi manja athu. Chigubu chinatsukidwa ndi madzi n'kuthiridwa mafuta chisanaume. Faneli inagona panja pa mame. Mphira wa m'chotsekera unatha, chigubu n'kusiyidwa pamvula. Nthawi zina madziwo amachokera kumene mwagula mafutawo.

Diramu la malita 200 lili ndi njira yakeyake. Likaimikidwa panja, mvula imadikha pamwamba pake chifukwa cha mkombero uja, mpaka kumiza zotsekera. Dzuwa likawala diramu limatulutsa mpweya, likazizira limayamwa madzi amene adikhawo kudzera m'mazinga a chotsekera, ngakhale chikhale chomangitsa. Mwini wake amalumbira kuti sanatsegulepo, ndipo akunena zoona. Ngati diramu liyenera kukhala panja, ligonekeni cham'mbali pa matabwa, zotsekera ziwirizo zikhale molingana, china kumanzere china kumanja, kapena liikireni thabwa mbali imodzi kuti madzi azitsetsereka osafika pa zotsekera.

Ndamva kuti petulo wa etanolo amagawikana. Zimatanthauza chiyani?

Etanolo amakonda madzi kuposa mmene amakondera petulo. Madzi akakhala ochepa, etanolo amawameza n'kuwasunga mkati mwa petulo osaoneka, ndipo amapsa limodzi mu injini popanda vuto. Koma pali malire. Petulo wa E10 amanyamula madzi pafupifupi mamililita 5 pa lita iliyonse, ndiye kuti mamililita 100 pa malita 20, osakwana theka la kapu. Madzi akapyola pamenepo, amamukoka etanolo n'kutsika naye pansi. Kukazizira malirewo amatsika, moti petulo amene anali bwino masana otentha angathe kugawikana usiku wozizira.

Zikatero mu chigubu mumakhala zinthu ziwiri. Pansi pali madzi osakanikirana ndi etanolo, ochuluka kangapo kuposa madzi amene analowa, ndipo injini singayende nawo. Pamwamba pali petulo amene waluza etanolo wake, choncho okiteni wake, mphamvu yake yokana kuphulika nthawi isanakwane mu injini, watsika, ndipo injini imagogoda ikanyamula katundu. Kukhutchumula chigubu sikuthandiza. Zimasakanikirana kanthawi, kuoneka ngati madzi a mpunga, kenako zimapatukanso.

Ndingayese bwanji ndekha kuti ndidziwe ngati mafuta anga akadali abwino?

Pezani mabotolo awiri agalasi oonekera mkati, oyera ndi ouma. Chitirani panja, kutali ndi moto ndi fodya. Chigubu chiyambe chakhala osagwedezeka usiku wonse, chopendekeka pang'ono kuti zonse zolemera zisonkhane pa ngodya imodzi. M'botolo loyamba thirani mafuta atsopano ochokera pa pampu kuti mukhale ndi choyerekezera, chifukwa mtundu wa mafuta umasiyana malinga ndi utoto umene oyenga amathiramo. M'botolo lachiwiri muike mafuta a m'chigubu, koma otengedwa pansi penipeni ndi kapampu ka m'manja. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amatsanula a pamwamba, n'kuona kuti ndi oyera, n'kukhutira, pamene zoipa zonse zagona pansi. Ndipo musakoke ndi pakamwa. Petulo wochepa chabe akalowa m'mapapo amadwalitsa koopsa.

Lisiyeni botolo lachiwirilo kwa mphindi 30, kenako liyang'aneni moyang'anizana ndi kuwala. Mafuta abwino amaoneka mbee, mungawerenge zilembo za pa pepala kuseri kwa botolo. Lizungulizeni pang'ono kuti mafuta azungulire. Zinyalala ndi timadontho ta madzi zimasonkhana pakati, pansi.

Tiyerekeze ndi nkhani iyi. Munthu wasunga malita 20 a E10 a jenereta kwa miyezi 5, mu chigubu chimene anatsuka ndi madzi m'mawa wa tsiku logula. Theka anagwiritsa ntchito m'mwezi woyamba popanda vuto, chifukwa ankatsanula a pamwamba. Tsopano wathira otsalawo mpaka dontho lomaliza, ndipo jenereta yalira mphindi ziwiri n'kuzima. Akamasula kabawuti ka pansi pa kabuleta n'kukhetsera m'botolo, akuona mzere woonekeratu: pansi madzi otuwa, pamwamba petulo wachikasu choderapo, wonunkha ngati vanishi wakale. Mphindi ziwiri zija jenereta imayendera petulo amene anatsalira mu kabuleta. Madzi atafika, inazima. Pamenepa pulagi ilibe mlandu, ngakhale kuti ndi imene anthu amathamangira kusintha. Chofunika ndi kukhuthula thanki yonse, kukhetsa kabuleta, kutsuka kabowo kake kopitira mafuta ngati katsekeka, ndi kuthira petulo watsopano.

Zizindikiro za petulo woonongeka ndi ziti kwenikweni?

Choyamba ndi fungo. Petulo watsopano ali ndi fungo lakuthwa lobaya m'mphuno, wokhalitsa amamveka mowawasa, ngati vanishi kapena penti yakale. Simufunika kulowetsa mphuno m'chigubu, fungo la pa chotsekera ndi lokwanira. Chachiwiri ndi mtundu, umene umadera kuchoka poyera kupita ku chikasu chakuda, mpaka ngati tiyi. Chachitatu ndi chifunga kapena mzere wa madzi pansi. Mungathenso kudontheza pang'ono pa galasi loyera n'kusiya kuti aume: watsopano amauma osasiya kanthu kooneka, wokhalitsa amasiya banga lomata.

Mu injini, petulo wotere amaonekera pa kuvuta kulira, kulira mokwera ndi kutsika ngati ikupuma wefuwefu, ndi kufuna tchoko nthawi zonse. Injini imene imayenda pokhapokha tchoko ili yotseka kawirikawiri imakhala kuti utomoni watseka timabowo ta mu kabuleta.

Nanga za dizilo woonongeka?

Dizilo amada, kuchoka pa mtundu wa udzu wouma kupita ku bulawuni. Kudera pang'ono kokha sikutanthauza kuti watha ntchito, bola akhale woonekera mkati ndi wopanda zinyalala. Zodetsa nkhawa ndi chifunga, timizere takuda toyandama, matope pansi, ndi fungo ngati la mazira ovunda limene limasonyeza kuti tizilombo takhazikika. Pa diramu kapena thanki yaikulu pali mankhwala opaka ku nsonga ya ndodo, amene amasintha mtundu akakhudza madzi. Mumalowetsa ndodoyo mpaka pansi n'kuona kuti madzi afika pati.

Mboni yosanama ndi fyuluta. Ngati fyuluta yatsopano yatsekeka patangotha masiku ochepa, injini n'kumafooka pokwera mtunda kapena katundu akachuluka, idulani muone mkati. Matope akuda oterera ndi tizilombo. Fumbi lofiirira ndi dzimbiri la m'diramu. Utomoni wolimba wabulawuni ndi dizilo wokalamba. Kungosintha fyuluta osakhudza diramu ndi kutunga madzi ndi dengu.

Dizilo wanga wachita chifunga m'nyengo yozizira. Kodi waonongeka?

Mwina ayi. Mu dizilo muli phula losungunuka limene limayamba kuundana kukazizira kwambiri, ndipo limatha kutseka fyuluta. Ikani botolo la dizilo ameneyo pamalo ofunda kwa ola limodzi. Akayera mbee osasiya kanthu pansi, linali phula. Akayera koma pansi n'kuoneka timadontho, kapena akakhalabe ndi chifunga, ndi madzi. M'maiko ozizira kwambiri dizilo wa m'chilimwe ndi wa m'chisanu amapangidwa mosiyana, choncho wogulidwa nyengo yotentha n'kusungidwa mpaka chisanu amavuta ngakhale ali wosaonongeka.

Chigubu chabwino ndi chiti, chachitsulo kapena chapulasitiki?

Zonse ziwiri zimagwira ntchito ngati zinapangidwira mafuta. Chachitsulo chimasunga petulo nthawi yotalikirapo chifukwa nthunzi siidutsa m'chitsulo, koma chimachita dzimbiri madzi akalowa. Chapulasitiki sichichita dzimbiri, koma mafuta opepuka amadutsa pang'onopang'ono m'makoma ake, ndipo dzuwa limachifooketsa. Chikhale cha pulasitiki wolembedwa HDPE, chochindikala, chokhala ndi mphira m'chotsekera. Zigubu zovomerezeka kunyamulira zinthu zoyaka zimakhala ndi chizindikiro cha UN, chotsatana ndi 3H1 pa chapulasitiki kapena 3A1 pa chachitsulo.

Zigubu za mafuta ophikira ndi mabotolo a madzi akumwa si zosungira petulo. Zotsekera zake sizigwira nthunzi, ndipo zina zimafewa kapena kung'aluka. Kuika pulasitiki wa jumbo pansi pa chotsekera kumangobisa kudontha kwa masiku ochepa. Kwa dizilo pewani chotengera chilichonse chokutidwa ndi zinki, monga ndowa zamalata, komanso mipopi ndi mapaipi amkuwa, chifukwa zitsulo zimenezi zimafulumizitsa kukalamba kwa dizilo ndipo zinkiyo amakatseka mainjekita, timipopi timene timapopera dizilo mu injini.

Mwati chigubu chodzaza chimasunga bwino. Ndidzaze mpaka pakamwa?

Ayi, siyani malo pang'ono, pafupifupi lita imodzi pa malita 20. Petulo amafufuma akatentha, pafupifupi mililita imodzi pa lita iliyonse pa digiri iliyonse. Malita 20 othiridwa m'mawa kuli madigiri 15, akafika madigiri 35 masana amawonjezeka ndi mamililita pafupifupi 400. Akasowa kopita amatupitsa chigubu kapena kutulukira pa chotsekera. Pothira, chigubu chikhale pansi, osati m'galimoto, ndipo mlomo wa pampu uzikhudza chigubucho kuti magetsi obwera chifukwa cha kukhulana asathethetse moto.

Kumene mukusunga kukhale kopita mphepo ndi kosagona anthu. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chokwawa pansi mpaka kukapeza moto uli patali, ndipo imayaka ngakhale kuzizire kufika madigiri 40 pansi pa ziro. Dizilo satulutsa nthunzi yoyaka mpaka atatentha kupitirira madigiri 50, n'chifukwa chake ndi wosavuta kusunga. Maiko ambiri ali ndi malamulo a kuchuluka kwa mafuta amene munthu angasunge pakhomo, ndipo malirewo amasiyana dziko ndi dziko.

Kodi mankhwala othira m'mafuta amathandiza?

Mankhwala oteteza mafuta kuti asakalambe amathandiza ngati athiridwa tsiku logula, ndipo angathe kufikitsa petulo chaka kapena kuposerapo. Ntchito yake ndi kuchedwetsa utomoni. Sabweza mafuta opepuka amene athawa, sasungunula utomoni umene wapangika kale, ndipo sagwirizanitsanso petulo wogawikana. Kuthira mankhwalawa mu petulo wa chaka chatha ndi kungotaya ndalama.

Palinso mankhwala ena othira mu dizilo opha tizilombo. Amapha ndithu, koma mitembo yake imatsalira momwemo n'kukatseka fyuluta, choncho yambani mwachotsa madzi ndi matope a pansi, thirani mankhwala, kenako sefani dizilo yense. Madzi mukawasiya, tizilombo timabwereranso.

Mafuta okhalitsa ndingawagwiritsebe ntchito powasakaniza ndi atsopano?

Zimadalira zimene mwaona m'botolo muja. Petulo amene ali mbee, wopanda madzi, wongodera pang'ono ndi kuchepa fungo, mungamuthe pomusakaniza gawo limodzi ndi magawo anayi a watsopano: malita 5 akale pa malita 20 atsopano. Muthireni kudzera mu sefa, ndipo lita yomaliza ya pansi pa chigubu isalowe m'thanki. Wogawikana, wonunkha vanishi kwambiri kapena wakuda ngati tiyi musamuyese.

Dizilo amakhululuka kwambiri. Amene ali ndi madzi oyera pansi koma iye ali mbee, mungamupope kuchokera pamwamba, paipi isafike pansi, n'kumusefa. Komabe onani injini imene mukumuthira. Injini zakale za pampu wamba zimapirira zambiri. Injini zamakono zimapopera dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo topyapyala ngati tsitsi, ndipo madzi pang'ono kapena fumbi zimaononga pampu ndi mainjekita, zimene mtengo wake umaposa kutalitali dizilo amene mukumumvera chisoniyo.

Nanga amene sangagwirenso ntchito ndiwataye kuti?

Osati pansi, m'ngalande, m'chimbudzi kapena pa moto. Pansi amalowa m'nthaka mpaka kukafika ku zitsime, ndipo petulo wokalamba amayakabe mophulika ngati watsopano. Asungeni mu chigubu chotseka, cholembedwa kuti ndi oonongeka, n'kukawapereka kumene amalandira zinyalala zoopsa kapena ku galaja imene imasonkhanitsa oyilo wakutha. Ngati ndi petulo, auzeni, asakamuthire mu diramu la oyilo mosadziwa.

Ndili ndi jenereta imene imalira mwa apo ndi apo. Ndizichita bwanji kuti mafuta asamandionongekere?

Lembani tsiku logula pa chigubu chilichonse. Chikakwanitsa miyezi iwiri kapena itatu, thirani petuloyo m'galimoto kapena m'njinga imene ikuyenda tsiku ndi tsiku, n'kukagula wina watsopano wosunga. Mukamazimitsa jenereta imene ikhale milungu osalira, tsekani kampopi ka mafuta n'kuisiya ilire mpaka izime yokha, kenako masulani kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti madontho otsala atuluke. Petulo wochepa amene amakhala mu kabuleta ndi amene amauma msanga n'kusiya utomoni. Jenereta ya dizilo ndi yosiyana: imeneyo musaiumitse, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi muvutika kuutulutsa. Isiyeni ndi thanki yodzaza, muzikhetsa madzi a pansi pa fyuluta mwezi uliwonse, ndipo muziiliza kwa mphindi 30 itanyamula katundu.